“Yabwino, Pitirizani” Sikokwanira: Kupereka Ndemanga pa Nkhani Yaifupi

Munthu akalemba nkhani yaifupi n’kupatsa anzake kuti amuwerengere, mayankho amene amabwera nthawi zambiri ndi awiri. Loyamba limachokera kwa abale ndi anansi: “Yabwino kwambiri, pitirizani.” Lachiwiri limachokera kwa uja amadziwa malamulo a chiyankhulo. Pepala limabwerera lili psuu ndi inki, paliponse pamene panasowa mpumiro kapena mpatuliro patazunguliridwa, pansi pake patalembedwa kuti ikonzedwe. Woyambayo wamusangalatsa wolemba, wachiwiriyo wamufoola nkhongono, koma onse awiri amusiya pamodzimodzi: akakhala pansi kuti aikonze nkhaniyo, sadziwa pogwira.

Ambiri amaganiza kuti ndemanga yabwino ndi ija yoti mawu oyamikira ndi mawu odzudzula achuluke mofanana. Nkhani siili pa kuchuluka ayi. Kuyamikira ndi kudzudzula zimagwira ntchito imodzi, yomuuza wolemba zimene zinakuchitikira iwe wowerenga, ndi pamzere pamene zinachitikira. Wolemba sangathe kuiwerenga nkhani yake ngati mlendo, chifukwa zonse zimene anaiwala kulemba zili m’mutu mwake ndipo amaziona ngati zili papepala. Chimene akupempha kwa iwe ndi maso a munthu amene sakudziwa kanthu.

Pali chifukwa china chimene kuyamikira kuyenera kuloza malo enieni. Olemba ongoyamba kumene kawirikawiri sadziwa pamene alemba bwino. Ndime imene anaivutikira usiku wonse, yodzaza ndi mawu akuluakulu, ndi imene amainyadira, pamene kachiganizo kamene kanangobwera kokha amakaona ngati kopanda ntchito. Ukapanda kumuuza kuti kachiganizo ako ndiye moyo wa nkhani, pokonza adzakachotsa n’kusiya zinazo.

Mu Disembala 1898, Anton Chekhov, katswiri wa nkhani zazifupi wa ku Russia, anayankha kalata ya Maxim Gorky, yemwe dzina lake linali litangoyamba kumveka ndipo anapempha maganizo pa nkhani zake. Chekhov anamuuza mosabisa kuti ali ndi luso lenileni, natchula nkhani imodzi imene inamugwira mtima kwambiri. Atatero anamulozera vuto limodzi lalikulu: kusadziletsa, makamaka pofotokoza zachilengedwe, pamene mawu ankachuluka mpaka kutopetsa. Chaka chotsatira anamulangizanso kuti powerenga zimene walemba azifufuta mawu ofotokozera ochuluka amene amalemetsa chiganizo. Ndemanga imeneyi ikukumbukikabe chifukwa poyamikira panali chitsanzo, podzudzula panalinso chitsanzo. Kuno kwathu mwambo woterewu unazika mizu m’gulu la alembi limene linayamba pa Chancellor College mu 1970, momwe munadutsa anthu monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Steve Chimombo. Kumeneko wolemba ankabweretsa ntchito yake pagulu, anzake n’kuiwerenga ndi kuikambirana iye ali pomwepo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti mnyamata wina walemba nkhani ya masamba asanu ndi limodzi, mutu wake “Thumba la Yureya,” ndipo akufuna kuitumiza kunyuzipepala ya kumapeto kwa sabata. Nkhaniyo ikufotokozedwa ndi Chikondi, mwana wa zaka 15 amene akuleredwa ndi agogo ake a Nachisale m’mudzi wina ku Dowa. Chimanga chafika m’mawondo, chikufuna feteleza wobereketsa. Agogo agulitsa mbuzi yawo n’kumutuma Chikondi kumsika kuti akagule thumba la yureya. Kumsikako Chikondi akupeza anyamata akutchova njuga, akuyesa nawo, ndalama zambiri n’kupita. Ndi zotsalazo akugula feteleza woyeza pambale, akupeza thumba lakale, akudzaza mchenga pansi n’kuthira fetelezayo pamwamba. Atafika kunyumba, agogo akumasula thumbalo, akupisa dzanja, n’kukhala chete. Mawa lake amalume ake akutulukira kuchokera ku Joni ndi galimoto, akugula matumba awiri, Chikondi akuulula, onse akukhululukirana. Ndime yomaliza ikulangiza achinyamata kuti apewe njuga.

Nkhani ngati imeneyi iwerengedwe kawiri usanalembe kanthu. Ulendo woyamba werenga osaima, ngati waipeza m’nyuzipepala, ndipo chongani zinthu ziwiri zokha m’mphepete: pamene chidwi chinakula ndi pamene maganizo anayamba kuyendayenda. Zizindikiro zimenezi ndi umboni wako. Ulendo wachiwiri ndi wofufuza chifukwa chake, ndipo apa m’pamene mafunso atatu amathandiza: zochitika zalumikizana bwanji, akulankhula ndani, ndipo nkhani yathera pati.

Tsatanetsatane wa zochitika

Yamba ndi kuyesa kuinena nkhani yonse m’ziganizo ziwiri kapena zitatu: ndani akufuna chiyani, chikumutchinga n’chiyani, ndipo wachitapo chiyani. Ukalephera, ndiye kuti vuto lili pamsana pa nkhani penipeni, ndipo zina zonse zidikire. Ya Chikondi ikutheka bwinobwino: mnyamata waluza ndalama za feteleza, akufuna kubisa, wadzaza mchenga m’thumba. Ichi ndi choyamba kuyamikira, ndipo uchitchule momwemo, kuti nkhaniyi ili ndi msana ndipo bodza la mchenga ndi lake la wolembayu, silinatengedwe kwina.

Kenako yang’ana chimene chikumanga chochitika china ku chinzake. Mlembi wa ku England E. M. Forster, m’buku lake la 1927 lonena za luso la zopeka, anasiyanitsa zochitika zongotsatizana ndi zochitika zimene china chimabala chinzake. Njira yapafupi yoyesera ndi kuika mawu oti “chifukwa chake” pakati pa zigawo za nkhani. Chikondi waluza ndalama, chifukwa chake wagula feteleza wochepa. Feteleza wachepa, chifukwa chake wathira mchenga. Agogo apisa dzanja, chifukwa chake amalume afika kuchokera ku Joni. Apa chingwe chaduka, ndipo aliyense angamve kuti chaduka. Amalumewo sanabwere chifukwa cha chilichonse chimene Chikondi kapena agogo anachita. Abwera chifukwa wolemba anasowa potulukira.

Zizindikiro zako za ulendo woyamba zionetsanso china. Tsamba loyamba ndi theka lachiwiri zadzaza ndi kutuluka kwa dzuwa, kulira kwa atambala ndi mbiri ya momwe makolo a Chikondi anamwalirira. Ndalama za mbuzi zikuonekera pakati pa tsamba lachiwiri, ndipo m’pamene chidwi chinadzuka. Pankhani ya masamba asanu ndi limodzi, gawo limodzi mwa magawo anayi lapita nkhani isanayambe. M’malo monena kuti chiyambi n’chotopetsa, muuze wolemba kuti: “Ine ndinayamba kutchera khutu pamene agogo anamasula mfundo ya chitenje n’kutulutsa ndalama. Zapambuyo pake ndimangodikira.” Mawu amenewa sangawatsutse, chifukwa ukunena zimene zinakuchitikira, komanso wamuonetsa pamene nkhani ingayambire.

Pali kanthu kenanso kamene wowerenga wa kumudzi angakagwire msanga. Mchenga umalemera kuposa yureya. Thumba la makilogalamu 50 likadzazidwa mchenga kufika pamene feteleza amafika, wakabaza amene walinyamula adzadabwa asanapalase n’komwe. Zoterezi zimaoneka zazing’ono, koma wowerenga akakayika pamodzi amayamba kukayika paliponse. Ubwino wake ndi woti vutoli lingasanduke phindu. Ukamufunsa wolemba kuti, “Kodi wakabaza sanadandaule za kulemera?” mwina apeza kachigawo katsopano kamene mantha a Chikondi adzaonekere popanda kuwatchula.

Liwu la wofotokoza nkhani

Liwu limayesedwa ndi khutu. Werenga nkhaniyo mokweza, ndipo pamene lilime lapunthwa kapena pamene wamva ngati walowa munthu wina, ika chizindikiro. Funso ndi loti: kodi munthu amene akutiuza nkhaniyi angalankhule chonchi?

Patsamba lachiwiri Chikondi akuti: “Agogo sawerenga ndalama ngati anthu ena. Amayamba aziwongola pabondo imodziimodzi, ngati zapalamula.” Apa wolemba wagwira. Ndi mwana amene wakhala akuwayang’anitsitsa agogo ake, amawaseka pang’ono komanso amawaopa, ndipo tadziwa kuti ndalamazo n’zosowa popanda wina kutiuza za umphawi. Mzere woterewu uukopere m’ndemanga yako momwe ulili, kuti wolemba adziwe liwu limene ukunena.

Tsopano patsamba lachinayi Chikondi yemweyo akuti: “Ndi zomvetsa chisoni kuona kuti achinyamata ambiri m’dziko muno akulowerera mumchitidwe wa njuga kaamba ka mavuto a zachuma.” Chiganizochi chilibe cholakwika pa malamulo a Chichewa, koma si cha mwana amene waluza ndalama za mbuzi ya agogo ake mphindi zingapo zapitazo. Ndi cha wowerenga nkhani pawailesi. Mwana ameneyo sakuganiza za achinyamata m’dziko muno, akuganiza za njira yobwerera kwawo. Podzudzula apa sipafunika mawu ambiri. Ika mizere iwiriyi pamodzi, wa pabondo ndi wa mavuto a zachuma, n’kufunsa kuti, “Kodi awa ndi munthu mmodzi?” Wolemba adzamva yekha, ndipo muyeso umene wamupatsa ndi ntchito yake yomwe, osati ya mlembi wina wotchuka.

Zinthu zina ziwiri zimaononga liwu m’nkhani za Chichewa. China ndi chiganizo chimene chinabadwira m’Chingerezi n’kungovekedwa mawu a Chichewa, monga kunena kuti mtima unaphonya kugunda, pamene mwana wa ku Dowa akanati mtima unangoti myuu. China ndi miyambi yothiridwa mopyola muyeso. Kusukulu ophunzira amazolowera kukometsa chimangirizo ndi miyambi ndi zining’a, ndiye chizolowezicho chimawatsata. M’nkhani yathuyi Chikondi waponya miyambi inayi patsamba limodzi. Mkamwa mwa agogo mwambi umodzi ungakhale bwino, koma mwana wa zaka 15 amene akunjenjemera ndi mantha sayankhula ngati nkhoswe pamlandu. Langizo lisakhale lochotsa miyambi yonse. Funsa kuti mwambi uliwonse ukutuluka mkamwa mwa yani, ndipo pa nthawi yanji.

Mathero

Mathero ndi pamene olemba amamva kuwawa kwambiri akadzudzulidwa, chifukwa m’pamene amaika uthenga umene unawachititsa kulemba. Pali mathero atatu amene amabwerabwera m’nkhani za ongoyamba: mpangankhani amadzidzimuka n’kupeza kuti anali maloto, kapena kumabwera mpulumutsi wochokera kunja kwa nkhani, kapena wolemba amatsekera ndi ndime ya malangizo. “Thumba la Yureya” ili ndi awiri mwa atatuwa.

Chizolowezi chotsekera ndi phunziro chili ndi kwawo. Nthano za kumudzi, zija timavomereza kuti “tili tonse,” nthawi zambiri zimathera pa chenjezo kwa ana, ndipo mabuku oyambirira a Chichewa, monga Nthondo la Samuel Josia Nthara la 1933, ankatsata munthu wovuta mpaka atatembenuka mtima. Choncho wolemba amene watsekera ndi langizo sanachite zachilendo, ndipo si bwino kumunyoza. Koma nkhani yaifupi yosindikizidwa imawerengedwa ndi munthu wamkulu ali yekha, amene waona kale zimene njuga yamuchita Chikondi. Kumuuzanso ndi kumukayikira nzeru.

Pali mayeso awiri osavuta. Oyamba: phimba ndime yomaliza ndi dzanja, uwerenge nkhani ithere pamwamba pake. Ngati palibe chatayika, ndimeyo ndi yongowonjezera. Pitiriza kukweza dzanja mpaka pamene ukuona kuti ukaphimbanso, nkhani ilumala. Achiwiri: funsa ngati matherowo abadwa kuchokera ku zochita za apangankhani amene takhala nawo kuyambira pachiyambi.

Ukachita zimenezi pa nkhani ya Chikondi, ndime ya malangizo ichoka, amalume ndi galimoto yawo achoka, ndipo dzanja liima patsamba lachisanu, pamene agogo apisa dzanja m’thumba mpaka m’chigongono, n’kulitulutsa, n’kukhala chete. Apo m’pamene pali pampondachimera. Agogo adziwa, Chikondi wadziwa kuti adziwa, ndipo wina ayenera kuchitapo kanthu. Wolemba anafika pamalo ovutawo n’kuthawa. Chosangalatsa n’choti chigawo chabwino koposa m’nkhani yonse ndi chomwecho chimene chikuulula vuto la mathero, kotero kuyamikira ndi kudzudzula zikuloza mzere umodzi.

Ndemanga yake ikhoza kulembedwa motere:

“Achimwene, zikomo pondipatsa nkhani yanu. Ndaiwerenga kawiri. Ndaimva ngati nkhani ya mwana amene wanamiza munthu yekhayo amene amamukonda, ndipo akudikira kuti agwidwe. Ngati si zimene mumafuna, mundiuze, chifukwa zonse ndinene pansipa zatsamira pamenepo.

“Bodza la mchenga ndi lamphamvu, musalisinthe. Liwu la Chikondi pamene akufotokoza agogo akuwongola ndalama pabondo ndi limene ndikufuna kulimva nkhani yonse. Ndipo patsamba lachisanu, agogo atapisa dzanja n’kukhala chete, ndinasiya kupuma.

“Pali zinthu ziwiri zoti muziganizire. Choyamba, amalume aja atafika ndinamva ngati mwandilanda nkhani. Ndimafuna kuona chimene agogo ndi Chikondi achite okha awiri m’mawa mwake, chimanga chikudikira. Kodi a Nachisale amene mwationetsawa angatani? Mukuwadziwa kuposa ine. Chachiwiri, patsamba lachinayi ndi pandime yomaliza Chikondi wasiya kulankhula, mwayamba kulankhula ndinu. Ndachonga malo atatu otero. Za chiyambi ndi za kulemera kwa thumba ndalemba m’mphepete. Za kalembedwe ka mawu tidzaona mukakonza izi.”

Kalatayi yayamba ndi kunena momwe wowerenga waimvera nkhani, chifukwa ngati wolemba ankafuna nkhani yoseketsa ndipo iwe waiwerenga ngati yachisoni, kusiyana kumeneko ndiye ndemanga yaikulu kuposa zonse. Zodzudzula zazikulu zili ziwiri zokha, ngakhale zolakwika zinalipo zambiri. Munthu akapatsidwa zinthu khumi ndi ziwiri zoti akonze amasankha zophweka, amakonza mipumiro n’kuwasiya amalume ali m’galimoto yawo. N’chifukwa chakenso kalembedwe ka mawu kasungidwira mtsogolo: palibe phindu kusalaza ziganizo za tsamba limene mwina lichotsedwa lonse. Ndipo paliponse kalatayi ikunena za tsamba ndi mzere, osati za munthu. “Apa Chikondi wasiya kulankhula” ndi zokonzeka. “Simudziwa kulemba zokambirana” ndi chigamulo, ndipo munthu akagamulidwa amayamba kudziteteza m’malo momvetsera.

Malire a wopereka ndemanga

Powerenga nkhani ya Chikondi, mwina iwe waona kale mathero ako: agogo osanena kanthu, m’mawa n’kumudzutsa mwanayo kuti akathire mchengawo phando ndi phando mpaka munda wonse uthe. Akhoza kukhala mathero abwino, koma ndi ako. Ukawapereka, wolemba wamanyazi adzawalandira chifukwa cha ulemu, ndipo nkhaniyo idzatuluka ndi dzina lake koma mtima wake mulibe. Kalata ija yafunsa funso m’malo mopereka yankho pa chifukwa chimenechi.

Nkhani ya Raymond Carver wa ku America imaonetsa pamene zimenezi zingafike. Mkonzi wake Gordon Lish anadula kwambiri nkhani za m’buku lake limene linatuluka mu 1981, zina kuzichotsa zoposa theka, kusintha mitu ndi mathero omwe. Carver anamulembera kalata yomuchonderera kuti bukulo lisatuluke momwemo, koma linatuluka, ndipo linamutchukitsa. Nkhanizo momwe iye anazilembera zinadzasindikizidwa mu 2009, iye atamwalira kale mu 1988, ndipo mpaka lero owerenga amatsutsana kuti zabwino ndi ziti. Mkonzi akhoza kukhala ndi diso lakuthwa, komabe n’kudutsa malire.

Nanga nkhani ikakhala yofooka paliponse? Usapeke zoyamikira, chifukwa wolemba akadzazindikira kuti unamunamiza sadzakhulupiriranso mawu ako abwino, ngakhale tsiku limene adzalembe bwinodi. Funafuna chinthu chimodzi choona, kaya ndi mzere umodzi wa zokambirana kapena kanthu kamene anakaona bwino pamsika, umuuze kuti apa pali moyo ndipo nkhani ina ikhoza kuyambira pomwepa. Kenako nena poyera kuti momwe ililimu siinafike potumiza kunyuzipepala kapena kumpikisano. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kuli bwino amve kwa iwe, amene ungamuuze chifukwa chake, kusiyana ndi kudikira miyezi yankho la mkonzi limene mwina silidzabwera.

Wolemba akatsutsa, siyanitsa zinthu ziwiri. Akanena kuti, “Koma ine ndimatanthauza zakuti,” muyankhe kuti zimenezo sizinafike papepala, ndipo iye sadzakhalapo kuti afotokozere wowerenga aliyense. Koma akanena kuti wamva vutolo ndipo akufuna kulikonza mwa njira ina, musiye. Mwina amalume aja adzawasunga, n’kuwatchula kuyambira tsamba loyamba ngati munthu amene agogo amamudikira chaka ndi chaka osabwera, kotero kuti kufika kwawo kukhale ndi mizu. Akabwera ndi nkhani yokonzedwayo, iwerenge ngati yatsopano, ndi mafunso atatu omwe aja, osati kufufuza ngati watsatira zimene unanena.